Tisanayambe Ntchito ya Chitukuko pa Doko, Tiwerengere Phindu Lake pa Ndalama za Lero

Asodzi anzathu, amayi ochita geni ya nsomba ndi mamembala a makomiti a m'madoko, pa misonkhano yathu yambiri pamabwera maganizo oyamba ntchito yatsopano. Ena amafuna kugula injini ya boti, ena kumanga uvuni wootchera nsomba wosatha nkhuni, ena kumanga shedi ya pulasitiki youmitsiramo usipa. Funso limakhala limodzi: kodi ndalama zimene tilowetse zidzabwerera ndi phindu? Kawirikawiri timangophatikiza ndalama zonse zimene tikuyembekeza kupeza pa zaka zingapo, n'kuchotsapo zimene tiwononge poyamba. Zikatsalako timati ntchitoyo ndi yabwino. Kawerengedwe kotere kagwetsa magulu ambiri m'ngongole. M'nkhani ino tifotokoza njira ina imene mabanki ndi mabungwe amagwiritsa ntchito poyeza mapulojekiti. M'mapepala awo amailemba ndi zilembo zitatu, NPV. Ife tiitchula kuti phindu la lero.

Ndalama ya lero ndi ya chaka chamawa si zofanana

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Munthu atakufunsani kuti musankhe kulandira K100,000 lero kapena K100,000 chaka chamawa, palibe amene angasankhe kudikira. Chifukwa choyamba n'chakuti ndalama ya lero mutha kuigwiritsa ntchito. Mutha kupikula nayo usipa n'kukagulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe, kapena kuiika ku banki mkhonde kuti ibereke. Chachiwiri, ndalama yolonjezedwa itha osabwera n'komwe.

Tiyerekeze kuti K100,000 mukaiyendetsa pa geni chaka chonse imasanduka K120,000. Ndiye kuti munthu wokulonjezani K120,000 chaka chamawa sanakupatseni zoposa amene akukupatsani K100,000 lero. Ziwirizi n'zofanana. Tikatembenuza mawuwa, tinena kuti K120,000 ya chaka chamawa mtengo wake lero ndi K100,000. Timaupeza pogawa 120,000 ndi 1.2.

Nanga ndalama yobwera pakatha zaka ziwiri? Timaigawa ndi 1.2 kawiri, chifukwa yadikira zaka ziwiri. Ya zaka zitatu timaigawa katatu, n'kumapitirira choncho. Ndalama ikamachedwa kubwera, mtengo wake wa lero umanka nuchepa. Pa muyezo umenewu, K100,000 yobwera pakatha zaka zisanu ndi yofanana ndi K40,000 yokha ya lero. Njira yonse ya phindu la lero yagona pamenepa: ndalama iliyonse ya m'tsogolo tiibweretse ku mtengo wake wa lero, tiziphatikize zonse, kenaka tichotsepo ndalama zoyambira ntchito. Yankho likaposa ziro, ntchitoyo ikuposa zimene ndalamazo zikanatipatsa kwina. Likachepera ziro, ndi bwino ndalamazo zikhale kumene zili.

Chitsanzo: shedi youmitsiramo usipa

Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Manambala onse m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza kuti njira imveke. Inu mudzaikepo mitengo yeniyeni ya pa doko panu.

Gulu la amayi khumi lili ndi K2,000,000 ku banki mkhonde yawo. Akuganiza zomanga shedi yokutidwa ndi pulasitiki yoonekera, yokhala ndi mathandala m'kati. Ubwino wa shedi yotere timaudziwa. Usipa suvumbwa ndi mvula, suterapo ntchentche kapena fumbi, ndipo umauma woyera bwino, kotero umagulitsidwa mokwererapo. Mmisiri wawauza kuti kumanga kudya K2,000,000 yonseyo, kuti shediyo igwira ntchito zaka zisanu, ndiponso kuti pulasitiki idzafunika kusintha m'chaka chachitatu pa mtengo wa K400,000 chifukwa dzuwa ndi mphepo ya mwera zimaing'amba.

Ntchito yoyamba ndi kupeza ndalama zimene shedi iwonjezere pa chaka. Apa pafunika kusamala. Sitiwerenga ndalama zonse zimene amayiwa amapeza pogulitsa usipa, popeza ankagulitsa kale ngakhale analibe shedi. Tiwerenga kusiyana kokha pakati pa kukhala ndi shedi ndi kukhala opanda shedi.

Amayiwa amayanika ndowa 300 za usipa pa chaka. Akuyembekeza kuti usipa wa m'shedi uziposa wa pa thandala la panja ndi K2,000 pa ndowa. Apa pakubwera K600,000. Komanso nthawi ya dzinja ankataya pafupifupi ndowa 20 chifukwa cha kuola mvula ikagwa masiku otsatizana, ndipo ndowa imodzi ndi K15,000. Shedi ipulumutsa K300,000 imeneyi. Zonse pamodzi ndi K900,000. Koma shedi ili ndi zolowa zake: mlonda, kumata pamene pang'ambika, kusintha waya wa mathandala ndi kutsuka. Izi aziika pa K200,000 pa chaka. Zotsala ndi K700,000 pa chaka. M'chaka chachitatu zitsala K300,000 zokha chifukwa cha pulasitiki yatsopano ija.

Mwa kawerengedwe kathu ka masiku onse, tinena kuti zaka zinayi za K700,000 ndi chaka chimodzi cha K300,000 zikupereka K3,100,000. Kuchotsapo K2,000,000, phindu ndi K1,100,000. Pa msonkhano aliyense aomba m'manja. Koma tisafulumire.

Kusankha muyezo wogawira

Ntchito yachiwiri ndi kupeza muyezo wogawira, monga 1.2 uja. Muyezowu sitiutola m'mutu. Umachokera ku funso ili: ndalamazi zikanapanda kupita ku shedi, zikanabereka zingati? Ngati ndalamazo n'zobwereka, muyezo usachepere chiwongoladzanja cha ngongoleyo.

Amayi aja anatsegula buku lawo la banki mkhonde n'kuona kuti chaka chatha K100 iliyonse inabwerera ili K150 pogawana. Wina akhoza kunena kuti muyezo ndi 1.5. Koma m'chaka chomwecho katundu amene ankagulidwa K100 anafika pa K125. Choncho K150 ija inagula zinthu zimene poyamba zikanagulidwa ndi K120, chifukwa 150 kugawa ndi 125 ndi 1.2. Phindu lenileni linali K20 pa K100 iliyonse. Zina zonse kunali kukwera kwa mitengo chabe.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa ife. Tikukumbukira kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya maukonde, mafuta ndi zipangizo za injini inakwera nthawi yomweyo. Palibe amene angalosere mtengo wa ndowa ya usipa zaka zisanu zikubwerazi. Njira yapafupi ndi kulemba zonse pa mitengo ya lero, monga tachitira ndi K700,000 ija, kenaka n'kugwiritsa ntchito muyezo umene tachotsamo kale kukwera kwa mitengo. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kusakaniza. Mukalemba ndalama pa mitengo ya lero koma n'kugawa ndi 1.5, ntchito yabwino idzaoneka yoipa. Mukakweza mitengo ya usipa chaka ndi chaka koma n'kugawa ndi 1.2, ntchito yoipa idzaoneka yabwino.

Kuwerengera chaka ndi chaka

Tsopano tengani kakyuleta ya pa foni. Lembani ndalama ya chaka chimenecho, gawani ndi 1.2, ndipo bwerezani kugawako molingana ndi nambala ya chaka. Mayankho tawafupikitsa kuti athere pa masauzande.

Chaka choyamba: K700,000 kugawa kamodzi, ikhala K583,000.
Chaka chachiwiri: K700,000 kugawa kawiri, ikhala K486,000.
Chaka chachitatu: K300,000 kugawa katatu, ikhala K174,000.
Chaka chachinayi: K700,000 kugawa kanayi, ikhala K338,000.
Chaka chachisanu: K700,000 kugawa kasanu, ikhala K281,000.

Tikaphatikiza tikupeza K1,862,000. Ndalama zomangira sitizigawa ayi, chifukwa zikutuluka lero lomwe. K1,862,000 kuchotsapo K2,000,000, tikupeza kuti yaperewera ndi K138,000. Phindu la lero ndi lochepera ziro.

Tanthauzo lake timvetse bwino. Sitikunena kuti shedi siibweretsa ndalama. Ibweretsa ndithu, ndipo K2,000,000 ija idzakhala itabwerera chisanathe chaka chachinayi. Koma amayiwa akanasiya ndalama zawo ku banki mkhonde, akanapeza zochulukirapo. Kumanga shedi pa manambala amenewa kuli ngati kupereka K2,000,000 pogula chinthu cha K1,862,000. Phindu la K1,100,000 lija limaoneka lalikulu chifukwa tinawerenga kwacha ya chaka chachisanu ngati kwacha ya lero.

Alembi a komiti amene ali ndi mwayi wa kompyuta atha kulemba izi mu pulogalamu ya Excel:

```
=NPV(0.2,700000,700000,300000,700000,700000)-2000000
```

Onani kuti ndalama zomangira zili kunja kwa mabulaketi. Pulogalamuyi imatenga nambala yoyamba ya ndalama ngati ya kumapeto kwa chaka choyamba, ndiye mukalowetsa K2,000,000 m'kati, nayonso igawidwa ndipo yankho lilakwika.

Yankho likaipa, tisangotaya ganizo

Ubwino wa njirayi ndi wakuti imationetsa pamene pali vuto. Amayi aja anafunsa kuti, kodi chisinthe n'chiyani kuti shedi ipindule? Pali chida chimodzi chothandiza. Pa muyezo wa 1.2, ndalama iliyonse yobwera chaka chilichonse kwa zaka zisanu, mtengo wake wa lero ndi pafupifupi kuchulukitsa katatu, osati kasanu. Choncho kuti atseke K138,000 yoperewera, afunika kuwonjezera K46,000 pa chaka. Imeneyi ndi ndalama ya ndowa 23 kapena 24 zowonjezera, pa K2,000 iliyonse. Apa tikuona kuti shediyi ili m'malire, siili kutali ndi kupindula.

Anaonanso kuti ndowa 300 pa chaka sizidzaza shedi. Masiku ambiri mathandala azikhala opanda kanthu. Atati azilola amalonda ena kuyanikamo molipira, n'kumapeza K200,000 ina pa chaka zolowa zitachotsedwa, mtengo wake wa lero ndi K598,000. Phindu la lero lisintha kuchoka pa kuperewera K138,000 kufika pa kutsala K460,000. Funso la gulu tsopano lasanduka lina: kodi pa doko pano alipo amalonda okwanira amene angalipire? Limeneli ndi funso loti atha kulifufuza asanaononge tambala.

Njira ina ndi kutsitsa mtengo womangira. Kwacha iliyonse yopulumutsidwa lero imawerengedwa yonse. Atapeza mmisiri womanga shedi yomweyo pa K1,700,000, phindu la lero likhala K162,000. Koma ngati mtengo ukutsika chifukwa mamembala aumba okha njerwa ndi kututa mchenga, masiku amene asiya geni yawo awerengedwenso ngati ndalama.

Muyezo nawonso umasintha yankho. Gulu lina limene ndalama zake zimangobereka K10 pa K100 ligawa ndi 1.1. Pa manambala omwewa, ilo lipeza K2,353,000, kutanthauza phindu la lero la K353,000. Shedi yomweyo, doko lomwelo, koma kwa gulu lina ndi yabwino, kwa lina ayi. Palibe cholakwika pamenepa. Amene ndalama zake zili kale pa ntchito yopindula amataya zambiri akazichotsako.

Chaka choipa tisachiiwale

M'chitsanzo chathu talemba ngati usipa uzifa mofanana zaka zonse zisanu. Msodzi aliyense akudziwa kuti nyanja siitero. Usipa umachuluka chaka china, china n'kusowa. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Ku Malombe chambo chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amene anagula zida poyembekeza kuti nsomba zipitirira monga kale anatsala ndi ngongole.

Choncho muwerengere kawiri: kamodzi pa zaka zabwinobwino, kachiwiri muikemo chaka chimodzi choipa. Tiyerekeze kuti m'chaka choipa shedi ingobweretsa theka, ndiye kuti pasowa K350,000. Chaka choipacho chikakhala chachisanu, phindu la lero litsika ndi K141,000. Chikakhala choyamba, litsika ndi K292,000. Vuto lomwelo limapweteka kawiri likabwera msanga. Kwa amayi aja, ngati ali ndi amalonda olipira ndipo phindu la lero ndi K460,000, shedi ipirira chaka choipa ngakhale chitabwera poyamba, malinga ngati ndalama za amalondawo sizitsika kwambiri. Ntchito imene phindu lake la lero likungoposa ziro pang'ono zonse zikamayenda bwino, imeneyo ndi yoopsa.

Powerenga ndalama za pa chaka, werengani miyezi yeniyeni yogwira ntchito. Chotsani nyengo imene nyanja yatsekedwa ku zida zanu, masiku a mwera pamene maboti salowa, ndi masiku a mwezi wowala pamene usodzi wa nyali suyenda bwino. Kutenga ndalama za mwezi wabwino n'kuchulukitsa ndi 12 ndiko kunama kwakukulu kumene timakuona m'mapepala opempha ngongole.

Zolakwika zina zofunika kupewa

Ndalama zimene zinapita kale zisalowe m'masamu. Ngati gulu linawononga K100,000 kukaona shedi ku doko lina, ndalamayo siibwerera kaya mumange kaya musamange. Mawu akuti tawononga kale, tingopitiriza, asakhale chifukwa chomangira.

Chiwongoladzanja cha ngongole musachiwerenge kawiri. Ngati mwabwereka ndipo muyezo wanu wachokera pa chiwongoladzanjacho, musachilembenso pa zolowa za pa chaka. Kugawa kuja kwachiwerengera kale.

Zimene zidzatsale ntchito ikadzatha ziwerengedwe, koma pa mtengo wa lero. Ngati matabwa ndi njerwa za shedi zingadzagulitsidwe K300,000 pakutha pa zaka zisanu, tigawa kasanu ndipo tipeza K121,000. M'chitsanzo chathu choyamba, ngakhale titawonjezera imeneyi, shedi ikanapereweranso ndi K17,000.

Pomaliza, samalani ndi thandizo la mabungwe. Bungwe likalipira theka la ndalama zomangira, gulu litulutsa K1,000,000 yokha ndipo phindu lake la lero likhala K862,000. Kulandira n'kwanzeru. Koma zimenezi sizisintha masamu a shedi yachiwiri imene mudzamange ndi ndalama zanu zokha. Ndipo K400,000 ya pulasitiki iyenera kusungidwa kuyambira chaka choyamba, apo ayi shedi idzaima chigoba m'chaka chachitatu.

Zimene njirayi siinena

Phindu la lero limatiuza ngati ntchito ipindule pa moyo wake wonse, koma silitiuza ngati ndalama zizipezeka pa tsiku lobweza ngongole. Ntchito itha kukhala ndi phindu labwino, koma wobwereketsa n'kufuna ndalama zake mwezi umene nyanja yatsekedwa. Choncho lembaninso padera mwezi ndi mwezi, zolowa ndi zotuluka, makamaka m'chaka choyamba.

Chachiwiri, masamu a munthu mmodzi saona zimene zichitikire doko lonse. Izi zimaoneka kwambiri pa zida zophera nsomba. Mwini chilimira akawerengera injini yatsopano, amaganiza kuti nsomba zizifa monga lero. Koma anthu khumi a doko lomwelo akachita masamu omwewo n'kugula onse, nsomba zomwezo zigawidwa kwa ambiri, ndipo manambala a aliyense akhala onama. Apa ndi pamene komiti ili ndi mbali yake, chifukwa ndiyo imadziwa kuchuluka kwa zida zolembetsedwa pa doko. Shedi ndi uvuni zili ndi ubwino wakuti zimawonjezera mtengo wa nsomba zimene zafa kale, osati kuwonjezera maukonde m'madzi. Komabe mashedi akachuluka, K2,000 yowonjezera pa ndowa ija ikhoza kutsika.

Pobwera ku msonkhano wokambirana ntchito yatsopano, gulu libwere ndi pepala limodzi lokhala ndi zinthu zisanu: mtengo woyambira wochokera kwa mmisiri kapena wogulitsa, zaka zimene chinthucho chigwire ntchito, ndalama zowonjezera za chaka chilichonse zolowa zitachotsedwa, muyezo wochokera m'buku lanu, ndi yankho la chaka choipa. Manambala a ndowa ndi mitengo achokere m'mabuku a gulu, osati m'zokamba za wogulitsa katundu. Amene mulibe mabuku otere, yambani kulemba ndowa zimene mwayanika, zimene zaola ndi mtengo umene mwagulitsira. Pakutha pa chaka chimodzi mudzakhala ndi poyambira, ndipo mlangizi wa za usodzi wa m'dera lanu atha kukhala nanu pansi kuti muwerengere limodzi.